Dzina Liyambe Layenda, Katundu Atsatire Pambuyo

Ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera, kawiri-kawiri ndife oyamba kutchula dzina la malonda atsopano pakati pa anthu ambiri. Mwini malonda amaliganiza ali chete, nalilemba m'kope. Wopenta amalijambula pa chikwangwani, wosindikiza amaliika pa malebulo. Onsewa amaliona ndi maso chabe. Likafika kwa ife timalitchula kanayi kapena kasanu m'chilengezo cha masekondi 30, ndipo limamveka m'midzi, m'maminibasi, m'tumantemba ndi pa zigayo. Pamenepo ndi pamene dzina limayamba kuonetsa khalidwe lake. Ngati lili ndi tanthauzo lobisika m'chinenero cha anzathu, foni ya mu situdiyo imalira pulogalamu isanathe.

Chimene chimatiwawa ndi chakuti eni malonda amabwera mochedwa. Amafika ndi botolo lomata kale lebulo, ndalama za kusindikiza atalipira, dzina atalembetsa. Tikamva kena kake m'dzinalo, palibenso chochita koma kuliwerenga monga lilili. Chifukwa cha ichi tinayamba kuuza aliyense wobwera kudzafunsa mtengo wa chilengezo kuti abweretse dzina lisanasindikizidwe, makamaka maina atatu kapena anayi, kuti tiwayese m'makutu a anthu. Ndi nchito ya masiku ochepa, ndipo siifuna ndalama zambiri kuposa za mayunitsi a foni. Apa tifuna kulongosola m'mene timaichitira, ndi zimene zinachitika ndi gulu lina la azimayi opanga chiponde.

Anthu ambiri akamva za nkhani iyi amaganiza za zinenero zakutali. Nzoona kuti makampani aakulu amakumana nazo. Galimoto ya Pajero, imene tonse timaidziwa pa misewu yathu, inatuluka mu 1982, ndipo dzina lake linatengedwa ku mtundu wina wa mphaka wam'tchire wa ku South America. Koma m'Chisipanishi liwu limeneli ndi lotukwana, limanena za munthu wodziseweretsa yekha. Motero ku Spain ndi m'maiko ambiri a ku America galimoto yomweyo inagulitsidwa ndi dzina lakuti Montero. Galimoto ina ya Hyundai, imene inatuluka mu 2017, dzina lake ndi Kona, lochokera ku dera lina la ku Hawaii. Ku Portugal anaipatsa dzina lina lakuti Kauai, chifukwa m'Chipwitikizi muli liwu lomveka chimodzi-modzi ndi Kona limene limatchula maliseche a mkazi mwachipongwe. Nkhani ya Kona iyi tiisunge, chifukwa Chipwitikizi kwa ife a kum'mawa si chinenero chakutali. Ukachoka pa Katete ndi kudutsa malire pa Chanida, walowa kale m'chigawo cha Tete.

Koma ngozi yaikulu kwa ife ili m'zinenero za abale athu enieni. Zinenero zathu ndi za mimba imodzi, mawu ake amafanana kamvekedwe, ndipo munthu akamva liwu lofanana ndi la kwawo saganiza kuti ndi lachilendo. Amalimva monga lake, ndi tanthauzo la kwawo. Ife tikati chakudya ndi chokoma, timatamanda wophika. Ku Lundazi, m'Chitumbuka, kukoma ndi kupha. Mtumbuka akati "kukaya" atanthauza kumudzi kwawo, liwu lofunda ndithu, koma Mchewa akaona "Kaya" pa thumba la ufa amamva kukayika. Abemba akati "ukucinda" amanena kuvina. Chotsani chilembo choyambacho, muwerenge mwa Chinyanja, ndipo mudzadziwa chifukwa chake muulutsi wa kwathu sangalitchule pa mphepo agogo ali kumvetsera. Palibe chinenero cholakwa pa zonsezi. Liwu limangosintha zovala likaoloka mtsinje.

Gulu la azimayi limene tanenali limakazinga nshawa, kuzigaya ndi kuika chiponde m'mabotolo. Kwa zaka ankagulitsa popanda dzina, koma atapeza makina ogayira anafuna kusindikiza malebulo 2,000 nthawi imodzi, pakuti ukasindikiza ambiri mtengo wa lebulo imodzi umatsika. Anabwera ndi maina atatu. Loyamba linali Bola, kuchokera ku mawu athu akuti "bola ichi", ndipo mmodzi wa iwo amene anakhalako ku Nakonde anaonjeza kuti m'Chiswahili "bora" ndi chinthu chabwino koposa. Lachiwiri linali Chokoma. Lachitatu linali Pa Kona, pakuti malo awo ogulitsira ali pa kona ya msewu ndipo anthu amawatchula tero kale. Onse atatu ndi maina aafupi, osavuta kukumbuka, ndipo m'Chichewa mulibe chilema mwa iwo.

Funso lathu loyamba silinali la zinenero ai. Tinafunsa kuti, "Amayi, mabotolo awa adzayenda kufika kuti m'zaka zitatu zikubwerazi?" Zinenero za mu Zambia ndi zambiri, ndipo munthu wofuna kuyesa dzina mu zonse sadzayamba malonda. Chimene chimasankha zinenero ndi njira ya katundu. Amayi wapampando anawerenga pa zala: Katete, Chipata, Petauke, Lundazi kumene kuli mwana wawo wokhala ndi sitolo, Lusaka kudzera mwa achibale ogulitsa pa msika wa Soweto, ndi Tete kumene amalonda ena amapita ndi katundu. Pa njira iyi tinalemba zinenero zisanu ndi ziwiri: Chinsenga, Chitumbuka, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chipwitikizi, ndi Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka. Chomalizachi timachiwerenga pachokha chifukwa anyamata a m'makomboni ali ndi mawu awo amene ife a kumudzi sitiwadziwa. Chibemba, Chitonga ndi Chilozi zinalowa chifukwa cha Lusaka yemweyo, pakuti botolo likafika pa msika waukulu limagwidwa ndi manja a mitundu yonse.

Pa chinenero chilichonse timafuna anthu atatu osiyana: wachikulire, wachinyamata, ndi munthu wa malonda kapena wa pa siteshoni ya mabasi. Wachikulire amadziwa mawu a maliro, a ufiti, a chinamwali ndi a matenda, amene achinyamata anaiwala. Wachinyamata amadziwa mawu otukwana a chaka chino. Wamalonda amadziwa m'mene anthu amafupikitsira maina ndi kuwapotoza pofuula. Munthu mmodzi sakwanira, ngakhale akhale mphunzitsi wa chinenerocho. Ndipo timafuna munthu amene anayamwa chinenerocho, osati amene anachiphunzira atakula, pakuti wophunzira atakula amadziwa tanthauzo la liwu koma samva kulasa kwake. Zinenero zisanu ndi ziwiri, anthu atatu-atatu, onse pamodzi anali 21. Kuwapeza sikunavute monga mungaganizire: anamwino a pa chipatala, aphunzitsi otumizidwa kuno kuchokera ku zigawo zina, anzathu a pa mawailesi ena a m'madera, ndi oyendetsa mathiraki.

Kafunsidwe ndiko kamene kamapha kapena kupulumutsa nchito yonseyi. Ukafunsa munthu kuti, "Dzina ili lili bwino?" adzati lili bwino, chifukwa ife tinaleredwa kuti tisakhumudwitse munthu amene wabwera ndi chinthu chake. Choncho mwini dzina safunsa yekha. Ndiponso mnyamata satumidwa kukafunsa mayi wachikulire, kapena mtsikana kukafunsa bambo wamkulu, chifukwa ngati liwulo ndi lotukwana ulemu udzatseka pakamwa. Mkazi afunse mkazi mnzake, mwamuna afunse mwamuna mnzake, ndipo ngati kutheka akhale a misinkhu yofanana. Aliyense afunsidwe payekha. Pa gulu, woyamba kuyankha amatsogolera onse, ndipo otsalawo amangogwedeza mitu.

Timayamba ndi khutu, maso pambuyo. Timajambula mawu pa foni, dzina lililonse katatu: pang'ono-pang'ono, mwa masiku onse, ndi mofulumira monga amafuulira wogulitsa pa zenera la basi. Timatumiza kwa munthuyo osamuuza kuti ndi dzina la chiyani. Funso loyamba ndi lakuti alembe chimene wamva. Lachiwiri ndi lakuti, liwu ili likukumbutsani liwu liti la kwanu? Lachitatu ndi limene limatulutsa zambiri: mukanakhala kuti mufuna kunyoza katundu wa dzina ili, mukananena chiyani? Funso limeneli limapatsa munthu chilolezo chokamba choipa popanda kuoneka wamwano. Pambuyo pake ndi pamene timamuuza kuti ndi chiponde, ndi kumufunsa ngati angatume mwana kukagula potchula dzinalo, kapena ngati angalitchule apongozi ali pomwepo. Pomaliza timamuonetsa dzina lolembedwa, pakuti pali maina amene amamveka bwino koma amaoneka moipa, ndi ena amene amachita mosiyana.

Pa funso la kunyoza lija, palibe amene amatithandiza kuposa Abemba. Chimbuya chimene chili pakati pa iwo ndi ife a kum'mawa chimawalola kutiseka popanda mlandu, ndipo iwo sataya mwayi. Mnzathu wina wa ku Kasama atangomva dzina loyamba ndi kuuzidwa kuti ndi chakudya, anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Imwe bambuya, mwayamba kugulitsa zoola ndi kulemba pa botolo?" M'Chibemba "ukubola" ndi kuola, ndipo chinthu choola amati "calibola". Abemba amatchula b wawo mofewa, koma pa lebulo chilembo ndi chimodzi-modzi. Anthu a Chitonga ndi a Chilozi anayankha zofanana, pakuti nawonso "kubola" ndi kuola. Mwa anthu asanu ndi anayi a zinenero zitatuzi, asanu ndi awiri anatchula kuola pa funso lachiwiri, tisanawauze n'komwe kuti ndi chakudya. Achinyamata a ku Lusaka anayamba aganiza za mpira, koma pa funso la kunyoza awiri anaika chilembo chimodzi kutsogolo ndi kutchula Ebola.

Mayi wina wa Chitonga anationetsanso kanthu kamene sitikanakaganiza. M'Chitonga "kubola" ndi kuola, koma "kuboola", pokoka mawu pakati, ndi kubwera. Ndiye kuti woimba kanyimbo ka malonda akakoka dzinalo, Mtonga adzamva kuitana, ndipo akalidula adzamva kuola. Ichi chikuonetsa chifukwa chake buku lotanthauzira mawu silikwanira pa nchito iyi. Kutalika kwa liwu ndi kukwera kapena kutsika kwake kumasintha tanthauzo m'zinenero zathu, ndipo zambiri mwa izi sizilembedwa. Chinanso, ambiri a ife sitisiyanitsa l ndi r pokamba. Kulemba "Bora" m'malo mwa "Bola", monga anaganizira amayi ena m'gululo, kukanasintha pepala chabe. Pa msika likanatchulidwa chimodzi-modzi.

Dzina la Pa Kona linadutsa mosavuta m'zinenero zonse za mu Zambia. Aliyense anamva kona ya msewu. Linakodwa pa anthu atatu a Chipwitikizi. Woyendetsa thiraki wina wa ku Tete, atafunsidwa ndi mnzathu wamwamuna, anaseka nati pa msika wa kwawo mkazi sangafuule dzina limenelo. Mayi wina wachikulire anakana kutchula liwu limene linamubwerera m'mutu, anangoti ndi la kuchipinda. Kukana koteroko ndi yankho lokwanira, ndipo munthu akafika apo sitimukakamiza. Ndi liwu lomwe lija limene linachititsa kuti galimoto ya Kona isinthidwe dzina ku Portugal. Kampani yaikulu ingathe kusindikiza maina awiri a maiko awiri. Azimayi a malebulo 2,000 sangathe.

Chokoma linabweretsa mayankho osakanizika. Atumbuka onse atatu anatchula kupha, koma awiri anafulumira kunena kuti amadziwa Chichewa ndipo sangasokonezeke. Agogo ena ndiwo anati kumudzi kwawo, kutali ndi boma la Lundazi, botolo lolembedwa tero lingakumbutse anthu mankhwala a makoswe. Anatiuzanso kuti chokoma cha kwathu iwo amati "chakunowa". Wa Chibemba mmodzi anatchula "ukukoma", kutema ndi nkhwangwa, koma anachita kuganiza kaye asanalipeze. Wa Chipwitikizi anamva "coma" kumapeto, kutanthauza kuti idyani, chimene ndi mwayi chabe pa botolo la chakudya.

Apa ndi pamene pafunika nzeru, chifukwa munthu akafunafuna choipa m'dzina lililonse adzachipeza. Sikuti tanthauzo lililonse loipa limapha dzina. Ku Lusaka kuli Manda Hill, malo aakulu a masitolo amene anatsegulidwa mu 1999, ndipo nyumba ya malamulo nayonso ili pa phiri la dzina lomwelo. Aliyense wokamba Chinyanja adziwa tanthauzo la manda, koma anthu amapita kukagula ndi kukadya kumeneko tsiku ndi tsiku, pakuti dzinalo analizolowera monga dzina la malo. Ku Malawi kuli mafuta ophikira otchedwa Kukoma, m'dziko limene kumpoto kwake anthu amakamba Chitumbuka. Maina oterewa amatiphunzitsa kuti chizolowezi chimakwirira tanthauzo. Koma chizolowezi chimafuna zaka ndi ndalama za kulengeza, zimene wamalonda wamng'ono alibe. Iye ali ndi mwayi umodzi chabe pamene botolo lake lionedwa koyamba.

Choncho tikalandira mayankho timawayeza ndi mafunso atatu. Loyamba: tanthauzo loipalo labwera lokha, kapena lachita kufunidwa? Ngati munthu mmodzi chabe walitchula, timafunsa ena awiri a chinenero chomwecho popanda kuwapatsa chizindikiro. Akalipeza okha, ndi lenileni. Akafuna kulongosoleredwa, ndi lofooka. Lachiwiri: ndi loipa motani? Kutukwana kuli pamwamba, chifukwa kumatseka pakamwa pa wogula ndi pa muulutsi. Pambuyo pake pali imfa, matenda, ufiti ndi kuola. Pansi pali zoseketsa chabe, zimene nthawi zina zimathandiza kuti dzina likumbukike. Lachitatu: kodi tanthauzolo likugwirizana ndi katundu? Kuola pa dzina la timu ya mpira kapena la sitolo ya matayala sikungavute munthu. Kuola pa chakudya cha m'botolo, chimene wogula sangachinunkhize asanalipire, kumagwera pomwe pali kale mantha ake.

Ndi muyeso umenewu, Bola linagwa pa mafunso onse atatu: tanthauzo linabwera lokha, m'zinenero zitatu, ndipo linakhudza chakudya. Pa Kona linagwa chifukwa cha Tete yekha. Tinawauza poyera kuti ngati alibe maganizo odutsa pa Chanida, dzinalo ndi labwino ndipo angalisunge. Anakambirana, nati amalonda a ku Tete amagula makatoni, sangawataye. Chokoma linatsala pakati. Silinali loti n'kutaya, koma linali ndi vuto lina losakhudza zinenero: ndi liwu limene aliyense wogulitsa chakudya amanena, ndipo lili pafupi ndi dzina la mafuta aja. Anaganiza zolisunga monga mawu otamanda katundu m'chilengezo cha Chichewa, ndipo cha ku Lundazi chidzati "chakunowa". Pa dzina lenileni anabwerera kumudzi, nasankha dzina la kamtsinje kamene kali pafupi ndi minda yawo ya nshawa. Sitilitchula pano kuti tisaoneke ngati tikuwalengezera ulere. Nalonso linayenda njira yomweyo kwa anthu 21 aja, pakuti dzina la malo silikhala loyera chifukwa chakuti ndi la kwanu.

Pali kuyesa kwina kumene ife a wailesi timachita tokha mu situdiyo, ndiko kuika dzina m'ziganizo. Dzina silikhala lokha m'kamwa mwa munthu. Limatsogoleredwa ndi cha, wa, ka, chi, pa, ndipo mawu akakumana amamezana. Dzina la Chingelezi lakuti Amanda ndi lokongola, ndipo makolo ambiri amapatsa ana awo. Koma nenani mofulumira kuti "chakudya cha Amanda", mumve chimene chituluka: chakudya cha manda. Wogulitsa nyama ya mbuzi amene afuna kuonetsa ukulu wa mbuzi zake poika chi kutsogolo adzapeza kuti walemba liwu limene anthu a m'tauni amatchulira chimbudzi. "Mulilo" ndi moto m'Chinsenga, m'Chibemba ndi m'Chitonga, dzina loyenera tsabola kapena mbaula, koma pa kawailesi ka mabatire ofooka kusiyana kwake ndi "malilo" ndi chilembo chimodzi. Choncho timawerenga dzina m'ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene wogula anganene, monga "ndipatseni", "muli nacho", "chatha", "ndadya", ndipo timazimvetsera pa sipika ya foni yotchipa, tili kutali pang'ono. Dzina la chiponde lija linadutsa bwino pamenepa.

Ena amatifunsa kuti, kodi a PACRA sachita zimenezi polembetsa? PACRA ndi bungwe limene limalembetsa maina a mabizinesi, makampani ndi zizindikiro za malonda mu Zambia, ndipo limayamba laona ngati dzina limene mwapempha silifanana ndi la wina ndiponso ngati silitsutsana ndi malamulo. Nchito imeneyo ndi yofunika ndipo siyenera kudumphidwa. Koma chikalata cha boma sichilonjeza kuti agogo a ku Lundazi kapena woyendetsa thiraki wa ku Tete adzalimva bwino dzinalo. Ndondomeko yabwino ndi iyi: yambani ndi makutu a anthu pa maina atatu kapena anayi, kenako mupite ku PACRA ndi amene apulumuka, ndipo wosindikiza akhale womaliza. Ambiri amayamba ndi wosindikiza chifukwa ndiye amapereka chinthu chogwirika m'manja. Kusintha dzina lili m'kope kumafuna bolopeni chabe. Kulisintha lili pa mabotolo kumafuna malebulo atsopano, chikwangwani chatsopano, chilengezo chatsopano, ndi kulongosolera makasitomala chifukwa chake.

Njira iyi ili ndi malire ake, ndipo timawauza eni malonda. Anthu atatu si mtundu wonse. Chitumbuka cha ku Lundazi ndi Chisenga cha ku Chama zili pafupi koma sizofanana m'zonse, ndipo Chipwitikizi cha pa msika wa Tete chimasakanizika ndi Chinyungwe. Mawu a achinyamata amabadwa chaka ndi chaka, kotero dzina loyera lero lingadzasanduke nthabwala nyimbo ina ikatchuka. Katundu nayenso angapite kumene simunaganize. Wina akayamba kutengera mabotolo ku Kasumbalesa, Chiswahili cha ku Congo ndi Chifalansa zimalowa pa mndandanda, ndipo dzina liyenera kufunsidwanso. Chimene kufunsa kumachita ndi kugwira zilema zazikulu, zimene munthu woyamba kukumana naye angazione. Zimenezo ndizo zimaononga malonda aang'ono.

Chizindikiro chakuti dzina lili ndi vuto, ngati munalitulutsa kale osafunsa, sichikhala madandaulo. Anthu athu sabwera kudzakuuzani. Mudzaona ogula akuloza ndi chala m'malo motchula, kapena akunena kuti "chija cha chivindikiro chofiira". Mudzamva kuti wogulitsa wanu wa ku tauni ina analipatsa dzina lake-lake. Mudzaona muulutsi akulithamangira pochita chilengezo, kapena ana akulibwereza-bwereza akuseka. Dera limodzi likamagula pang'ono pamene mtengo ndi katundu ndi zomwezo, funsani kaye za dzina musanatsitse mtengo.

Kwa azimayi aja nchito yonse inatenga masiku asanu ndi anayi, kuwerengera ndi kuyesa dzina lachinayi. Pa masiku amenewo ena m'gululo anadandaula kuti tikuwachedwetsa, pakuti wosindikiza anali kuwaimbira foni. Dzina la Bola linali la amayi wapampando, ndipo kulisiya sikunali kopepuka kwa iwo. Anamvetsera okha mawu a anthu a Chibemba, a Chitonga ndi a Chilozi pa foni, mmodzi ndi mmodzi, osanena kanthu. Atamaliza anati, "Ana inu, safunsa anadya phula. Fufutani limenelo."

Dzina la malonda ndi lanu pa tsiku limene mwaliganiza. Kuyambira tsiku lotsatira limakhala m'kamwa mwa anthu ena, ambiri a iwo osakamba chinenero chanu, ndipo inu simudzakhalapo kuti mulongosole chimene munatanthauza. Ngati muli ndi dzina m'kope lero, lembani matauni amene katundu wanu adzafikako, mupeze anthu atatu a chinenero chilichonse cha pa njirayo, ndipo mutume munthu wina akawafunse m'mene angalinyozere.